Kachilombo Kakasintha: Kodi Myuteshoni N'chiyani?

 

Lero tikambirane za liwu limodzi limene limabwera m'nkhani nthawi iliyonse kukabuka matenda. Pa foni mumaliona litalembedwa kuti mutation, ndipo owerenga nkhani amalitchula kuti myuteshoni. Mukangomva kuti "kachilombo kachita myuteshoni", kapena kuti "kachilombo kasintha", mitima imakwera m'mwamba. Uthenga umachoka pa foni ya mwana amene ali ku Joni, kufika kwa mayi ake ku Songani, ndipo pofika madzulo nkhani yakula kale: akuti kwabwera matenda atsopano osamva mankhwala, akuti katemera uja watha ntchito. Ine ndikuti tiyeni tiliike pansi liwu limeneli, tilione bwino. Kusintha kwa kachilombo ndi chinthu chochitika tsiku ndi tsiku, ndipo kumva chabe kuti kasintha sikukuuzani kuti zinthu zaipa kapena zakoma. Zimene zimatiuza zoona ndi zina, ndipo tizifika.

Tiyambe ndi kachilomboko. Tizilombo toyambitsa matenda tili m'magulu angapo, koma timene tikunena lero ndi ta gulu la mavayirasi, monga koyambitsa Kovidi, koyambitsa chikuku, ka poliyo, ka chimfine ndi HIV. Vayirasi payokha singadye, singakule, singabereke. Ndi kaphukusi kakang'ono zedi kamene mkati mwake muli malangizo a kapangidwe kake. Kakalowa m'thupi la munthu, kamalowa m'maselo, timagawo ting'onoting'ono timene timapanga thupi lathu, n'kuchititsa selo kuti likopere malangizo aja ndi kupanga tizilombo tina tambirimbiri. Tatsopanoto timatuluka, kulowa m'maselo ena, ntchito yokopera n'kuyambiranso.

Malangizo a kachilombo ka Kovidi ali ndi zilembo pafupifupi 30,000, zondondozana mumzere umodzi. Koma mitundu ya zilembozo ndi inayi yokha, imene akatswiri amailemba kuti A, C, G ndi U. Inu amene munapitako ku sukulu mukukumbukira za kukopera manotsi. Aphunzitsi alemba pa bolodi, wina wakopera, mnzake amene anajomba wakopera kwa iyeyo, wachitatu wakopera kwa wachiwiri. Pofika pa kope lakhumi, penapake chilembo chasintha, penapake liwu ladumphidwa. Palibe amene anafuna kulakwitsa. Kungoti pokopera zambiri, dzanja limaphonya. Myuteshoni ndi imeneyo basi: kuphonya pokopera malangizo a kachilombo. Chilembo chimodzi chalowa m'malo mwa chinzake, kapena zilembo zingapo zasowa, kapena zawonjezeka.

Apa pali mfundo imene ndikufuna muigwiritsitse. Kachilombo kalibe nzeru, kalibe cholinga. Sikakhala pansi n'kuganiza kuti, "Anthu a ku Zomba abayitsa katemera, ndiye ndisinthe kuti ndiwazembe." Kuphonyako kumangochitika mwangozi, paliponse pa mzere wa zilembo uja. M'thupi la munthu mmodzi wodwala, kukopera kumachitika kambirimbiri, mwakuti tizilombo tosinthikako pang'ono timakhalamo ndithu, ngakhale mwa inu pamene munadwala chimfine chaka chatha. Akatswiri atayerekeza zilembo za kachilombo ka Kovidi m'chaka choyamba cha mliri, anapeza kuti pa mzere umodzi wopatsirana, kuchoka kwa munthu uyu kupita kwa uyo, zilembo pafupifupi ziwiri zinkasintha pa mwezi. Ziwiri pa 30,000. Ndipo kachilombo ka Kovidi kamasintha pang'onopang'ono tikakayerekeza ndi ka chimfine kapena HIV, chifukwa kali ndi njira yake yokonzera zina mwa zolakwikazo.

Nanga chilembo chikasintha, chimachitika n'chiyani? Tiyeni titenge chitsanzo chenicheni, tichitsate mpaka pamapeto.

Kunja kwa kachilombo ka Kovidi kuli timinga, mwina munationa pa zithunzi za ku chipatala. Timinga timeneti ndi timene kachilombo kamagwirira selo la munthu kuti kalowe, ndiponso ndi timene asilikali a m'thupi amatizindikira akafuna kukagwira. Munga uliwonse umamangidwa ndi tizidutswa 1,273 tolumikizana, ndipo malangizo aja amawerengedwa zilembo zitatuzitatu: zilembo zitatu zimatchula kachidutswa kamodzi. Pa malo a nambala 501, kachilombo koyambirira kanali ndi zilembo A, A, U. Zitatu zimenezi zimatchula kachidutswa kamene akatswiri amakafupikitsa ndi chilembo N.

Tsono tinene kuti pokopera, U wakumapeto uja wasanduka C, zakhala A, A, C. Zimenezi zimatchulabe kachidutswa komweko ka N. Myuteshoni yachitika, koma munga sunasinthe ngakhale pang'ono. Kachilomboko ndi komweko m'zochita zake zonse. Mamyuteshoni ambiri amene akatswiri amawawerenga ndi otere, osasintha kanthu kooneka.

Ena ndi oononga kachilombo komweko. Pali zilembo zitatu, monga U, A, A, zimene tanthauzo lake ndi lakuti "lekezani pomwepa". Kuphonya kukabweretsa zimenezi pakati pa malangizo a munga, mungawo umathera panjira, ndipo kachilombo kotero sikangalowenso m'selo. Kamathera mwa munthu yemweyo, osafika kwa wina. Mamyuteshoni otere ndi ochuluka kwambiri, koma simudzawamva pa wailesi, chifukwa kachilombo kakufa si nkhani.

Ndiye pali kachigawo kakang'ono kotsala. Pa malo omwe aja a 501, A woyamba atasanduka U, zinakhala U, A, U, ndipo zimenezi zimatchula kachidutswa kena, ka chilembo Y. Mukadzaona m'nyuzi dzina looneka ngati nambala ya galimoto, N501Y, tanthauzo lake ndi lomweli: pa malo a 501 panali N, tsopano pali Y. Kusintha kumeneku kunachititsa kuti munga uzigwira selo la munthu molimba kuposa kale. Kachilombo kokhala ndi kusinthaku kanali ndi mwayi woposa anzake wofika kwa munthu wina, ndiye m'kupita kwa masabata kanachuluka, enawo n'kumachepa. Sikuti kanachenjera. Kanangopeza mwayi, ndipo mwayiwo unakula chifukwa panali anthu ambiri oti kawagwire.

Kachilombo kakasonkhanitsa mamyuteshoni angapo n'kuyamba kufalikira monga banja lakelake, ndi pamene amati kwabwera mtundu watsopano wa kachilombo. Muone kusiyana kwake: myuteshoni ndi kusintha kumodzi, mtundu ndi kachilombo konyamula kusintha kungapo. Koma matenda ndi omwewo. Kovidi ya mtundu wa Beta ndi Kovidi, ya Delita ndi Kovidi. Kachilombo ka Kovidi sikangasanduke ka Ebola, ngakhale kasinthe motani.

Sindikufuna kukunamizani kuti kusintha kulibe vuto nthawi zonse, chifukwa ife a ku Zomba tinaona ndi maso athu. Kovidi inalengezedwa m'dziko muno pa 2 Epulo 2020, anthu atatu atapezeka nayo. Chaka chimenecho chinadutsa, ndipo ambiri tinayamba kunena kuti matendawa ndi a kunja. Pa 18 Disembala 2020, nduna ya zaumoyo ya ku South Africa, a Zweli Mkhize, inalengeza kuti akatswiri apeza mtundu watsopano umene unayamba kuonekera m'dera la Nelson Mandela Bay. Ndi umene pambuyo pake unatchedwa Beta. Unali ndi N501Y uja, komanso kusintha kwina pa munga, kotchedwa E484K, kumene kunachititsa kuti asilikali a m'thupi mwa munthu amene anadwalapo kale avutike kuuzindikira. Inali nyengo ya Khirisimasi, abale athu akubwera pa mabasi kudzera pa chipata cha Mwanza. Mu Januwale 2021 zipatala zinadzaza, mpweya wa okosijeni unasowa. Pa 12 Januwale tinataya nduna ziwiri tsiku limodzi, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, ndipo Pulezidenti wa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Nyumba ya boma ya ku Zomba kuno inasandutsidwa chipatala cha odwala Kovidi. Ambiri a inu munaika abale m'manda mwezi umenewo, ndipo sindikuiwala zimenezo pamene ndikuyankhula.

Koma taonani chimene chinatiuza kuti Beta ndi woopsa. Sichinali chiwerengero cha mamyuteshoni ake. Chinali chiwerengero cha anthu ogonekedwa, cha masilinda a okosijeni, cha maliro. Ndipo zodzitetezera sizinasinthe: kuvala masiki, kupewa kuthithikana m'chipinda chopanda mpweya, kupita msanga kuchipatala munthu akayamba kubanika. Mankhwala otchedwa dekisamethazoni, amene madokotala amapereka kwa odwala kwambiri, anapitiriza kugwira ntchito, chifukwa iwo salimbana ndi munga wa kachilombo koma amaziziritsa kutupa kwa m'mapapo mwa munthu. Okosijeni nayenso safunsa kuti wodwalayu ali ndi mtundu uti.

Patapita miyezi khumi, tinaona mbali ina ya nkhani yomweyi. Mu Novembala 2021, katswiri wina wochokera ku Zimbabwe amene amagwira ntchito ku Gaborone m'dziko la Botswana, Dokotala Sikhulile Moyo, pamodzi ndi anzake, anawerenga zilembo za kachilombo kochokera mwa odwala angapo ndipo anadabwa. Masiku omwewo akatswiri a ku South Africa anaona zofananazo. Kachilomboka kanali ndi mamyuteshoni pafupifupi 50, ndipo oposa 30 anali pa munga pokha. Anauza bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO pa 24 Novembala, ndipo pa 26 Novembala bungweli linaupatsa mtunduwu dzina lakuti Omikroni.

Nambala ya 50 ija inayenda dziko lonse m'maola ochepa. Pasanathe sabata, dziko la Britain ndi la Amereka anatseka zipata zawo kwa anthu ochokera m'maiko a kum'mwera kwa Afirika, ndipo Malawi anali pa mndandandawo, ngakhale kuti pa nthawiyo kuno kunali kusanapezeke munthu ndi mmodzi yemwe wa Omikroni. Pulezidenti Chakwera anadzudzula poyera kuti ziletsozo zinachokera pa kusala Afirika, osati pa sayansi. Unduna wa zaumoyo unadzalengeza za anthu oyamba a Omikroni m'dziko muno mu Disembala. Pamenepo n'kuti dziko la Netherlands litapeza kale kuti mtunduwu unali mwa odwala ake ena amene anayezedwa South Africa isanalengeze n'komwe. Pano pali phunziro la kamvedwe ka nkhani. Akati mtundu wapezeka koyamba ku dziko lakutilakuti, akutanthauza kuti kumeneko ndiko kuli anthu amene anayeza n'kuulula. Akatswiri a ku Botswana ndi South Africa anachita ntchito yabwino, ndipo malipiro ake anali kutsekeredwa zipata. Ine ndimaona kuti chimenecho chinali chosalungama, ndipo chinachitika chifukwa atsogoleri a maiko olemera anachita mantha ndi nambala asanadikire kuti zipatala zinena chiyani. Britain inachotsa chiletsocho pakati pa Disembala, Amereka kumapeto kwa mwezi womwewo, Omikroni atafalikira kale kwawo.

Nanga zipatala zinati chiyani? Mayankho anabwera m'masabata otsatira, ndipo anali a mafunso atatu amene ndikufuna nanunso muzifunsa mukamva kuti kachilombo kasintha.

Loyamba ndi lakuti: kodi kakufalikira msanga kuposa kale? Kwa Omikroni yankho linali inde, ndiponso kwambiri. M'masabata ochepa anapitikitsa Delita pafupifupi kulikonse. Zimenezi amazidziwa poyeza odwala sabata ndi sabata n'kuona kuti mwa anthu 100 aliwonse, angati ali ndi mtundu watsopano. Chiwerengerocho chikamakwera m'madera osiyanasiyana nthawi imodzi, ndiye kuti mtunduwo uli ndi mwayi weniweni. Chikakwera pa malo amodzi okha, mwina kungoti kunali ukwati kapena maliro kumene munthu mmodzi anapatsira ambiri.

Lachiwiri: kodi kakudwalitsa kwambiri kuposa kale? Ili ndi funso lina palokha, ndipo anthu ambiri amalisokoneza ndi loyamba lija. Kufalikira msanga ndi kupha si chinthu chimodzi. Yankho lake silingapezeke tsiku limodzi, chifukwa munthu akatenga kachilombo pamapita masiku kuti adwale, ndiponso sabata imodzi kapena ziwiri kuti zidziwike ngati agonekedwa kapena achira kunyumba. N'chifukwa chake katswiri woona mtima akafunsidwa tsiku loyamba amati tidikire. Kwa Omikroni, zipatala za ku South Africa zinaonetsa kuti mwa anthu opezeka ndi kachilombo, ogonekedwa ndi omwalira anali ochepa poyerekeza ndi nthawi ya Delita. Kuno kwathu zinalinso chimodzimodzi: odwala anachuluka mu Disembala 2021 ndi Januwale 2022, koma maliro sanafike pa a Januwale 2021. Zifukwa zinali ziwiri. Omikroni ankakonda kukhazikika kummero ndi m'mphuno kuposa mkati mwa mapapo. Komanso anthu ambiri anali ndi chitetezo kale, ena chifukwa cha katemera, ena chifukwa anadwalapo osadziwa. Kafukufuku wa akatswiri a ku Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre, amene anayeza magazi a anthu opereka magazi m'mizinda yathu, anapeza kuti pofika pakati pa 2021 oposa theka anali atakumanapo kale ndi kachilomboka.

Muone bwino pamenepa. Beta anali ndi mamyuteshoni ochepa pa munga, osakwana ndi theka la a Omikroni, koma anatipweteka kwambiri. Omikroni anali ndi ochuluka, koma munthu mmodzimmodzi ankadwala mocheperako. Kuchuluka kwa mamyuteshoni si muyeso wa ukali. Komanso ndikuchenjezeni za bodza lina lokoma m'khutu, lakuti kachilombo kakamasintha kamanka kafooka. Si lamulo limenelo. Delita anabwera pambuyo pa mitundu yoyamba, ndipo anali woopsa kuiposa. Omikroni naye anapha anthu, makamaka okalamba ndi odwala shuga kapena kuthamanga kwa magazi amene anali asanabayitse. Kusintha kukhoza kupita uku kapena uko, n'chifukwa chake timayeza m'malo molosera.

Funso lachitatu ndi limene limakhudza mtima kwambiri: kodi katemera, zoyezera ndi mankhwala zikugwirabe ntchito? Apa yankho silikhala "inde" kapena "ayi" wamba. Katemera wa Kovidi amene anayamba kuperekedwa m'dziko muno pa 11 Malichi 2021, pamene Pulezidenti Chakwera anabayitsa ku Zomba konkuno, amaphunzitsa thupi kuzindikira munga uja. Thupi silizindikira malo amodzi okha pa mungawo, limagwira malo ambiri. Komanso lili ndi magulu awiri a asilikali. Gulu loyamba limatchinga kachilombo kasanalowe m'selo, ndipo limeneli ndi limene limasokonezeka msanga munga ukasintha. Gulu lachiwiri limasaka maselo amene agwidwa kale n'kuwaononga, ndipo limazindikira tizidutswa tambiri timene sitinasinthe. N'chifukwa chake m'nthawi ya Omikroni munaona anthu obayitsa akudwala chifuwa ndi litsipa, koma ambiri osafika pofuna okosijeni. Ena ankati, "Mwaona, katemera uja ngwabodza." Ayi. Mphamvu yake yoletsa kutenga kachilombo inachepa, koma yoletsa kudwala mwakayakaya inatsala yambiri.

Pa zoyezera pali kankhani kokoma. Makina ena a mu labotale amafufuza malo atatu osiyana pa malangizo a kachilombo. Omikroni anali atataya zilembo zingapo pa amodzi mwa malo amenewo, ndiye makinawo ankapeza malo awiri, achitatu osawaona. Zotsatira zinkatulukabe kuti munthuyo ali ndi Kovidi, ndipo kusowa kwa malo achitatuwo kunasanduka chizindikiro chothandiza akatswiri kudziwa msanga kuti uyu ndi Omikroni. Amene anapanga makinawo anaika malo atatu dala, podziwa kuti tizilombo timasintha. Kumbali ya mankhwala, ena odula amene ankagwira munga mwachindunji analekadi kugwira ntchito, ndipo madokotala anawasiya. Zimenezo ndi zoona, ndipo ndi mmene nkhani yoona imamvekera: imatchula chimene chasiya kugwira ntchito, ndi chimene chikugwirabe.

Ndiye musaganize kuti kachilombo kalikonse kakasintha katemera amatha mphamvu. Amayi amene mumapita ndi ana ku sikelo, katemera wa chikuku amene ana anu amalandira anachokera ku kachilombo ka zaka za m'ma 1950, ndipo anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1963. Kachilombo ka chikuku kakhala kakuchita mamyuteshoni zaka zonsezi, koma katemerayo akutetezabe mpaka lero, chifukwa malo amene thupi limakagwira sangasinthe kwambiri popanda kachilomboko kulephera kulowa m'selo. Ka chimfine ndiye kosiyana: kamalolera kusintha pa malo amenewo, n'chifukwa chake katemera wake amakonzedwanso chaka ndi chaka. Liwu ndi limodzi, myuteshoni, koma zotsatira zake zimadalira kachilombo kamene tikukamba.

Pali chinthu chinanso chimene chimatikhudza ife kuno, ndipo ndichinena mosamala. Popeza kuphonya kumachitika pokopera, kachilombo kakakhalitsa m'thupi kamapeza mpata wochuluka wosintha. Munthu wa chitetezo chabwino amachotsa ka Kovidi m'sabata imodzi kapena ziwiri. Koma ku Durban madokotala analemba za mayi wina amene chitetezo chake chinatsika kwambiri chifukwa HIV sinkamvera mankhwala amene ankamwa. Kachilombo ka Kovidi kanakhala mwa iye masiku 216, ndipo pa nthawiyo kanasintha malo pafupifupi 30. Atamusinthira ma ARV n'kumupatsa ogwira bwino, chitetezo chinabwerera ndipo thupi linachotsa kachilombo ka Kovidi kaja. Nkhani imeneyi si yoti tiziloza nayo chala anthu amene ali ndi HIV, chifukwa zomwezi zimachitikanso kwa odwala khansa ndi ena a chitetezo chofooka, ku Ulaya ndi kulikonse. Munthu amene akumwa ma ARV mwandondomeko, tizilombo take tili pansi, thupi lake limalimbana ndi matenda ngati la wina aliyense. Ndiponso HIV yeniyeniyo imatsata lamulo lomweli: mukamadumphitsa mankhwala, kachilombo kamayambanso kukopera, ndipo mwa tambirimbiri timene tapangidwa, kamodzi kosamva mankhwalawo kamapeza danga lochulukana. Alangizi akamalimbikira kuti musadumphitse tsiku, chifukwa chake n'chimenechi.

Wina afunsa kuti, ngati kusintha kumeneku n'kwa masiku onse, akatswiri amavutikiranji kuwerenga zilembo? Chifukwa zolakwika zija zimagwiranso ntchito ngati mapazi a pa njira. Kachilombo kakatengera kuphonya kwa kholo lake, ana ake onse amakhala nako, ndiye poyerekeza zilembo amadziwa kuti aka n'kachibale ndi kati. Mukukumbukira mu Febuluwale 2022 pamene boma linalengeza kuti mwana wina ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo, patatha zaka makumi atatu matendawa asanaoneke m'dziko muno. Atawerenga zilembo za kachilomboko anapeza kuti n'kachibale ndi ka ku chigawo cha Sindh ku Pakistan. Anadziwa kuti kanachita kubwera, sikanali kobisala kuno, ndipo alangizi a zaumoyo anayenda khomo ndi khomo kudontheza katemera m'kamwa mwa ana, m'midzi ya kuno kwa Malemia monga m'dziko lonse. Pamenepo myuteshoni inathandiza ife, osati kachilombo.

WHO inalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti Kovidi sikuonedwanso ngati ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse, koma kachilomboko kakadalipo ndipo kakusinthabe. Mudzamvanso maina atsopano a zilembo ndi manambala, a Kovidi kapena a matenda ena. Tsiku limenelo, uthenga ukafika pa foni, onani kaye ngati ukutchula amene wanena: Unduna wa Zaumoyo, ofesi ya zaumoyo ya boma la Zomba, kapena WHO. Onani ngati ukuyankha mafunso atatu aja, za kufalikira, za kudwalitsa, ndi za katemera ndi mankhwala. Uthenga umene ukungoti "kachilombo kasintha, tumizani kwa anthu khumi" sunakuuzeni kanthu, ndipo ukhoza kuchititsa agogo ena kuopa kupita ku chipatala kapena mayi wina kubisa mwana tsiku la katemera.

Choncho pempho langa kwa inu omvera ndi ili. Musatumize uthenga wotero musanafunse mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu kapena anamwino a pa chipatala cha Domasi. Ana apite ku sikelo alandire katemera wawo yense, amene muli pa ma ARV imwani tsiku lililonse, ndipo munthu akayamba kubanika, kaya matendawo akutchedwa dzina lanji, musagone naye m'nyumba, thamangirani naye kuchipatala.